Banki Ikalephera Kukulipirirani Intaneti Osakudziwitsani

Tiyerekeze kuti munauza banki kuti pa 25 mwezi uliwonse izilipira yokha K40,000 ya intaneti ya pashopu panu. Mwezi uno malipiro achedwa, alowa pa 27. Pa 25 paja banki inayesa, inapeza K31,000 yokha, ndipo sinatumize ngakhale tambala, poti siitumiza ndalama yopereweza. Mabanki ena amadulanso chindapusa pa kulepherako.

Chowawa n'chakuti palibe anakuimbirani. Mwina uthenga unapita ku nambala yakale ija munasiya. Kwa kampani ya intaneti, inu ndinu wangongole basi. Masiku okudikirani atatha, akudulirani. Kuti akulumikizeninso akufuna ngongole yonse, kuwonjezapo yolumikiziranso, tinene K10,000. Kuchedwa kwa masiku awiri kwabala zonsezi, osawerengera makasitomala amene abwerera pakhomo.

Nthawi zina ndalama zimakhalamo ndithu. Khadi ya banki ili ndi mwezi ndi chaka chothera ntchito, zolembedwa pakhadipo. Mukalandira yatsopano osakasintha kukampaniko, malipiro amakanidwa. Kapenanso mtengo wakwera kufika K45,000 pomwe banki ikutumizabe K40,000 ija munalamula.

Ine ndikuona kuti kudula munthu amene wakhala akulipira mokhulupirika, osamuchenjeza, si chilungamo, ndipo n'koyenera kupita ndi sitetimenti yanu kukapempha kuti akuchotsereni chindapusacho. Komabe tsiku lolipira liikeni patadutsa masiku angapo malipiro atalowa, ndipo m'mawa mwake yang'anani ngati ndalamayo yatulukadi. Ngati ikadalimo, lipirani nokha tsiku lomwelo.