Golide akakwera mtengo, eni migodi amatsala ndi zingati?

M'chaka cha 2013 mtengo wa golide unagwa ndi maperesenti pafupifupi 28, ndipo anthu amene anaika ndalama zawo m'migodi anayamba kufunsa kuti phindu limene ankalonjezedwa lija linalowera kuti. Makampani ankangolengeza ndalama zokumbira ndi kuyenga miyala basi, zina zonse osazitchula. M'mwezi wa Juni chaka chomwecho, bungwe la World Gold Council linatulutsa kawerengedwe katsopano kotchedwa AISC, kosonyeza ndalama zonse zofunika kuti mgodi upitirize kutulutsa golide monga ukuchitira lero.

Golide amamuyeza pa aunsi, yomwe ndi magalamu 31.1. Pa aunsi iliyonse, AISC imawonkhetsa malipiro a antchito, dizilo, magetsi, mankhwala oyengera, gawo limene boma limatapa pa golide wogulitsidwa, ndi ndalama zoyendetsera likulu. Imawonjezeranso zimene kale zinkabisala: kugula magalimoto m'malo mwa otha, kukweza madamu a zinyalala, kuboola njira zofikira miyala ya mawa. Zili ngati mwini minibasi: akawerengera mafuta ndi kondakitala yekha, naiwala matayala ndi injini, adzadziona wolemera mpaka tsiku limene galimoto idzaime.

Taonani kampani ya Newmont ya ku America. Mu 2023 inkagulitsa aunsi pa madola pafupifupi 1,954, pamene AISC yake inali madola 1,444. Pa aunsi iliyonse pankatsala madola 510. Koma pakutha pa chaka inalengeza kuti yaluza madola pafupifupi 2.5 biliyoni. Zinatheka bwanji? Migodi yake ina inapezeka kuti si yamtengo monga mabuku ankanenera, ndipo zimenezo sizilowa mu AISC. Msonkho wa phindu sulowamo, chiwongoladzanja cha ngongole sichilowamo, ngakhalenso ndalama zotsegulira mgodi watsopano. Choncho madola 510 aja si phindu lenileni ayi. Ndi pamene ongongoza ndi a msonkho amayambira kutapa.

Pali kachinyengo kena. Mpanda wolekanitsa ndalama zosamalira mgodi ndi zoukulitsira amauika ndi kampani yomweyo, ndipo ikakankhira zambiri ku gulu lachiwirilo, AISC imaoneka yotsika. N'chifukwa chake wowerenga malipoti wochenjera amayang'ananso ndalama zimene zatsaladi m'thumba la kampani. Ngati AISC ikutsika koma ngongole ikukula chaka ndi chaka, pali china chimene chasunthidwa.

Musaganizenso kuti golide akakwera ndi madola 300, onsewo amalowa ku phindu. Gawo la boma limakwera nawo, ndipo makampani amayamba kukumba miyala ya golide wochepa imene kale ankaisiya, moti matani ofunika kugaya pa aunsi imodzi amachuluka, AISC nayo n'kukwera.