Chotonolera chimanga cha pamanja

Chotonolera chimanga cha pamanja ndi kachipangizo kooneka ngati kapu yopanda pansi, kokhala ndi mano mkati. Munthu amakagwira ndi dzanja limodzi, n'kulowetsamo chimanga ndi dzanja linalo uku akupotoza, ndipo mano aja amagwetsa njere. Mtundu wina wodziwika, wopangidwa ndi lata, unafalitsidwa ndi D-Lab ya ku sukulu ya MIT ku America. Ku Mitundu ndi ku Nathenje, m'boma la Lilongwe, kumene chimanga chimalimidwa kwambiri, mmisiri wokhoma ndowa angathe kukapanga ndi zida zomwe ali nazo kale.

Zipangizo

Pamafunika lata lochindikala pafupifupi milimita imodzi, sizasi yodulira malata, hamala, pulayazi, tupa, msomali woboolera ndi maliveti awiri. Lata lofolerera nyumba siliyenera chifukwa ndi lopyapyala, mano ake amaphwanyika msanga.

Kupeza muyeso

Muyeso wa chotonolera umachokera ku chimanga chomwe chidzatonoledwe. Chimanga cha makolo ndi cha hayibulidi zimasiyana kukula, choncho mmisiri amayamba ndi kuyeza chimanga 20 cha m'munda umodzi. Amazunguliza ulusi pakati pa chimanga chosatonola, kenako pa chitsononkho chake, n'kugawa utali wa ulusiwo ndi 3.14 kuti apeze kunenepa kwake.

Mwachitsanzo, ngati ulusi wakwana masentimita 15 pa chimanga ndi 9 pa chitsononkho, ndiye kuti chimangacho n'chonenepa masentimita 4.8 ndipo chitsononkho 2.9. Mpata wa pakati pa mano oyang'anizana uyenera kuposa 4.8 polowera, kuti chimanga chilowe, ndi kuposa 2.9 pang'ono potulukira, kuti chitsononkho chidutse koma njere zisadutse. Apa mmisiri angasankhe 5.5 ndi 3.2. N'chifukwa chake chotonolera chimakhala chachikulu mbali imodzi.

Kapangidwe

Pa chitsanzo chomwechi, mano anayi otalika sentimita imodzi amafuna lata la masentimita 8 mulifupi, lomwe m'mphepete mwake mumodzi ndi masentimita 33 ndipo mwinamo 26. Latalo limadulidwa mokhota ngati uta. Ndi bwino kuyamba kudula katoni n'kuyesa ngati chimanga chikulowa, lata lisanaonongeke.

Mano sadulidwa padera. Mmisiri amalemba malo anayi otalikirana mofanana, n'kupinda lata pamalo aliwonse kuti lipange mzere wotumphukira mkati, kenako amaupana ndi pulayazi. Akatero amakulunga latalo pa chitsulo kapena mtengo wobulungira, n'kulumikiza mapeto ndi maliveti. Pomaliza amapala m'mphepete monse ndi tupa kuti musacheke dzanja.

Kuyesa

Chimanga choyesera chiyenera kukhala chouma, chinyezi chake chili pafupifupi 13 peresenti. Popanda makina oyezera, njere zimaikidwa m'botolo louma pamodzi ndi mchere wouma n'kukhutchumula. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo, chimangacho sichinaume.

Woyesa amagawa chimanga milu iwiri yolemera makilogalamu 5 uliwonse. Munthu mmodzi yemweyo amatonola mulu woyamba ndi manja, wachiwiri ndi chotonolera, wina akuwerenga nthawi. Pamayezedwa zinthu zitatu.

Choyamba ndi liwiro. Ngati patuluka makilogalamu 4 a njere m'mphindi 15, ndiye kuti ndi makilogalamu 16 pa ola. Chachiwiri ndi njere zotsalira pa zitsononkho, zomwe zimachotsedwa ndi manja n'kuikidwa pa sikelo. Magalamu 80 otsalira pa makilogalamu 4 ndi pafupifupi 2 peresenti. Chachitatu ndi njere zosweka. Amatapa magalamu 200 n'kusankha zosweka pa lichero, ndipo zikakwana magalamu 4, imeneyonso ndi 2 peresenti. Muyeso uwu ndi wofunika chifukwa njere yosweka imagwidwa msanga ndi anankafumbwe ndi chuku. Mayesowa amabwerezedwa katatu, chifukwa munthu amachedwa ulendo woyamba asanazolowere.

Zovuta ndi zizindikiro zake

Njere zikamatsalira m'mizere pa chitsononkho, mpata wotulukira wakula kwambiri. Chitsononkho chikamathyoka kapena kukanirira mkati, mpatawo wachepa. Njere zikamakalika kapena kunyenyeka ngati ufa, mano ndi akuthwa kapena chimanga n'chosauma. Chotonolera chikamatereka m'manja, amachikulunga ndi mphira ya chubu cha njinga.

Malire ake

Chotonolera chimodzi chimagwira bwino pa chimanga cha msinkhu umodzi, motero banja lolima mitundu iwiri limafunika kukhala ndi ziwiri. Chimatonola chimanga chimodzichimodzi, choncho sichingalowe m'malo mwa makina a injini kwa mlimi wokolola ngolo zambiri. Chimayenera chimanga cha pakhomo ndi cha mbewu, chifukwa sichiswa njere ngati mmene zimakhalira pomenya chimanga m'thumba ndi ndodo.