Chimene chimachedwetsa madzi kuwira

Dzira likavunda limatulutsa mpweya wonunkha umene asayansi amaulemba kuti H₂S. Kapangidwe kake n'kofanana kwambiri ndi ka madzi, H₂O. Monsemo muli maatomu awiri a haidrojeni, kungoti pamalo a okosijeni pali salufa. Molekyulu ya H₂S imalemera 34 pa sikelo imene ya madzi imalemera 18, ndipo nthawi zambiri chinthu cha mamolekyulu olemererapo chimafuna moto wambiri kuti chiwire. Komatu H₂S amawira pa madigiri −60, pomwe madzi amadikira mpaka madigiri 100 m'mbali mwa nyanja yamchere. Metheni, CH₄, mpweya wophikira wochokera ku ndowe, amalemera 16, pafupifupi ngati madzi, koma amawira pa madigiri −161.

Madzi akanatsata mzere wa H₂S ndi anzake, bwenzi akuwira cha pa madigiri −80. Mitsinje ndi nyanja kukanakhala kulibe.

Kuti izi zimveke, pafunika kudziwa kaye chimene chimachitika mumphika. Ambiri amaganiza kuti moto umaphwanya madzi kukhala haidrojeni ndi okosijeni, koma ayi ndithu. Nthunzi ndi madzi omwewo, ndipo umboni wake ndi madontho amene amadzadza kunsi kwa chivindikiro chozizira n'kumagweranso mumphika. Moto umangolekanitsa molekyulu ndi inzake. Choncho chimene chimalamula powirira chinthu ndi mphamvu imene mamolekyulu ake amakokana nayo.

Mamolekyulu onse amakokana pang'ono. Maelekitironi sakhala malo amodzi, ndiye pakanthawi kochepa kwambiri amachulukira mbali imodzi, mbaliyo n'kukoka molekyulu yoyandikana nayo. Kukokana kumeneku n'kofooka, ndipo ndi kokhako kamene metheni ali nako. N'chifukwa chake amathawa msanga.

Madzi ali ndi china choposa pamenepo. Okosijeni amakokera maelekitironi kwa iye mwamphamvu kuposa salufa, moti mbali yake imakhala ndi chaji ya − pang'ono, ndipo haidrojeni aliyense amatsala ndi ya + pang'ono. Molekyuluyo ndi yopindika, maatomu a haidrojeni atatalikirana madigiri 104.5, kotero machajiwo safafanizana. Popeza haidrojeni ndi kakang'ono zedi, kamayandikira kwambiri okosijeni wa molekyulu ina n'kumamatira pa maelekitironi ake awiri amene sanamangidwe kwina. Kugwirana kumeneku ndiko kumatchedwa bondi ya haidrojeni, ndipo Wendell Latimer ndi Worth Rodebush anaifotokoza m'madzi mu 1920. Mphamvu yake ndi makilojulo pafupifupi 20 pa molo, pomwe bondi yomanga okosijeni ndi haidrojeni mkati mwa molekyulu ndi pafupifupi 460. Moto wa pamafuwa umatha yoyambayo, yachiwiriyo suikhudza n'komwe.

Chosangalatsa kwambiri chili pa funso lotsatira. Amoniya, NH₃, nayenso ali ndi bondi ya haidrojeni, koma amawira pa madigiri −33. HF alinso nayo, ndipo yake imodzi ndi yolimba kuposa ya madzi, koma amawira cha pa madigiri 20 basi. Nanga madzi akuwaposa bwanji?

Nkhani yagona pa chiwerengero. Bondi iliyonse imafuna zinthu ziwiri: haidrojeni wogwira, ndi malo ogwirapo, omwe ndi maelekitironi awiri osamangidwa aja. Zili ngati anthu ogwirana pamene dzanja lililonse liyenera kupeza phewa. HF ali ndi dzanja limodzi ndi mapewa atatu, ndiye mapewa ambiri amangokhala opanda wowagwira. Amoniya ali ndi manja atatu ndi phewa limodzi, manja ambiri amasowa pogwira, ndiponso bondi zake n'zofookerapo. Madzi ali ndi manja awiri ndi mapewa awiri, palibe chotsala. Molekyulu iliyonse imatha kulumikizana ndi zinayi, zinayizo ndi zinanso, mbali zonse. M'madzi oyenda bondizi zimaduka ndi kumangikanso mosalekeza, koma kuti molekyulu iuluke ngati nthunzi iyenera kuzisiya zonse.

Mtengo wake umaoneka pa nkhuni. Kutenthetsa lita imodzi ya madzi kuchoka pa madigiri 0 kufika pa 100 kumadya makilojulo pafupifupi 420, koma kuti lita yomweyo iphwere yonse pamafunika ena 2,260, kuposa kasanu. Madzi akayamba kubwadamuka, kusonkhezera moto sikuwonjezera kutentha kwake, kumangowaphwetsa msanga, ndipo nyemba sizipsa mofulumirirapo.

Nambala ya 100 ili ndi malire ake. Madzi amawira pamene nthunzi yake yakwanitsa kukankha mpweya umene ukuwapsinja pamwamba, ndipo m'mapiri mpweyawo ndi wochepa. Pa Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje yotalika mamita 3,002, madzi amawira cha pa madigiri 90. Kukokana kwa mamolekyulu kumeneko ndi komweko, chasintha ndi mpweya wopsinja wokha.