Kafukufuku Wamasamba Ambiri mu Theka la Tsamba

Gulu lanu lokambirana maphunziro likumana Loweruka, ndipo akupatsani nkhani ya kafukufuku kuti muifupikitse. Musathamangire kukopera chidule cha olemba ake, chifukwa zofooka zambiri zimabisala kumapeto, kumene amakambirana zotsatira.

Titengere kafukufuku wa HPTN 052, wofalitsidwa mu 2011. Yambani ndi funso lake m'chiganizo chimodzi: kodi munthu akayamba msanga kumwa ma ARV, amateteza mnzake ku HIV? Kenako nenani amene anafufuzidwa: mabanja 1,763 m'mayiko 9, kuphatikizapo Malawi, momwe mmodzi yekha anali ndi kachilombo. Ena anayamba mankhwala nthawi yomweyo, ena anadikira.

Pa zotsatira, musangolemba kuti chiopsezo chinatsika ndi 96 peresenti. Onetsani kumene nambalayo yachokera: mwa anthu 28 amene zinatsimikizika kuti anatenga kachilombo kwa mnzawo, 27 anali m'gulu lodikira, mmodzi yekha m'gulu loyamba msanga.

Mizere yotsiriza isungireni malire a kafukufukuyo. Pafupifupi mabanja onse anali a mwamuna ndi mkazi okhazikika, ndipo ankalandira uphungu ndi makondomu. Anthu enanso 11 anatenga kachilombo popanda umboni woti kanachokera kwa mnzawo. Choncho kulemba kuti "ma ARV amathetsa kufala kwa HIV" n'kuwonjezera mchere.

Mukamaliza, yesani chiganizo chilichonse. Ngati simungaloze tsamba limene chachokera, chifufuteni musanapite nacho kwa anzanu.