Avereji, renji ndi zotsatira zosemphana ndi zinzake pa kuyeza kobwereza

Kuyeza kobwereza ndi kuyeza chinthu chimodzi kangapo, pogwiritsa ntchito zipangizo zomwezo ndi njira yomweyo, pofuna kupeza yankho lodalirika. Manambala otulukawo kawirikawiri safanana ndendende. Choncho woyeza amawerengera avereji, yomwe ena amaitcha mini, kuti apeze nambala imodzi yoimira onse. Amawerengeranso renji kuti aone m'mene manambalawo atalikiranira. Asanachite zimenezi amayamba waona ngati pali chotsatira chomwe chasemphana ndi zinzake. Ku Malawi luso limeneli limafunika pa mapulakitiko a sayansi a ku sekondale, kuphatikizapo a mayeso a MSCE omwe amayendetsedwa ndi bungwe la MANEB, lomwe likulu lake lili mumzinda wa Zomba.

Mfundo yaikulu ndi yakuti chotsatira chimatchedwa chosemphana pochiyerekeza ndi zinzake zoyezedwa mofanana. Kusiyana ndi nambala ya m'buku pakokha sikukwanira.

## Chifukwa chake manambala amasiyana

Munthu akamayeza nthawi ndi sitopuwotchi, chala chake chimachedwa kapena kufulumira pang'ono podina. Akamawerenga themomita, diso lake limatha kukhala m'mwamba kapena m'munsi mwa mzere. Zolakwika zoterezi ndi zazing'ono ndipo zimagwera mbali zonse: ulendo wina nambala imakwera, ulendo wina imatsika. Manambala otere akaphatikizidwa pamodzi, okwera ndi otsika amathetsana mbali ina. Ichi ndi chifukwa chake avereji imadalirika kuposa nambala imodzi.

## Kapezedwe ka avereji ndi renji

Avereji imapezeka pophatikiza manambala onse ndi kugawa ndi kuchuluka kwawo. Renji imapezeka pochotsera nambala yaing'ono kwambiri ku yaikulu kwambiri. Renji yaing'ono imasonyeza kuti manambala agwirizana, pomwe yaikulu imachenjeza kuti china chake sichinayende bwino. Zonse ziwiri zimalembedwa ndi yuniti yake, monga masekondi kapena madigiri.

Avereji siyenera kukhala ndi manambala ambiri kuseri kwa kadontho kuposa omwe chipangizo chimatha kuonetsa. Ngati manambala analembedwa monga 40.2, kulemba avereji ya 40.1375 n'kunamizira kulondola komwe kulibe. Kakyuleta imatulutsa manambala ambiri chotero, koma woyeza amayenera kuwafupikitsa kukhala 40.1.

## Chitsanzo: pendulamu

Pendulamu ndi kachitsulo kolemera komangidwa ku chingwe, komwe kamapita uku ndi uku. Ulendo umodzi wathunthu ndi kupita ndi kubwerera pomwe kanachokera. Poti ulendo umodzi ndi waufupi, ophunzira amayeza nthawi ya maulendo 20 kenako n'kugawa ndi 20. Tiyerekeze kuti gulu lina layeza pendulamu ya chingwe chotalika mita imodzi kasanu, ndipo lapeza izi:

| Kuyeza | Nthawi ya maulendo 20 (s) |
|---|---|
| 1 | 40.2 |
| 2 | 39.9 |
| 3 | 40.3 |
| 4 | 38.1 |
| 5 | 40.0 |

Manambala onse asanu akaphatikizidwa amakwana 198.5, ndipo kugawa ndi 5 kumapereka avereji ya masekondi 39.7. Renji ndi 40.3 kuchotsera 38.1, yomwe ndi masekondi 2.2. Apa pali chizindikiro choyamba cha vuto: avereji ya 39.7 ndi yaing'ono kuposa manambala anayi mwa asanuwo. Nambala imodzi yaikokera pansi, moti sikuimiranso gulu lonse.

Njira yosavuta yoonera vutoli ndi kundandalika manambala kuyambira pa yaing'ono: 38.1, 39.9, 40.0, 40.2, 40.3. Anayi omalizawo aunjikana pamodzi, ndipo renji yawo ndi masekondi 0.4 okha. Koma kuchokera pa 38.1 kufika pa mnzake wapafupi, 39.9, pali mpata wa masekondi 1.8. Mpata umenewu ndi woposa kanayi renji ya anzakewo. Nambala yotalikira chonchi ndiyo imatchedwa chotsatira chosemphana ndi zinzake.

Ikachotsedwa, otsalawo amakwana 160.4, ndipo kugawa ndi 4 kumapereka masekondi 40.1. Kawirikawiri ophunzira amalakwitsa apa pogawabe ndi 5 ngakhale achotsa nambala imodzi, zomwe zimapereka 32.1, nambala yaing'ono kuposa onse a m'tebulo. Avereji yoona imakhala pakati pa nambala yaing'ono ndi yaikulu nthawi zonse, ndipo iyi ndi njira yachangu yodziyesera.

## Kufufuza chomwe chachititsa

Kuona kuti nambala yasemphana ndi gawo loyamba chabe. Gawo lachiwiri ndi kufunsa chomwe chinachitika. M'chitsanzochi, 38.1 ikusiyana ndi avereji yatsopano ndi masekondi 2.0, ndipo ulendo umodzi wa pendulamuyi umatenganso pafupifupi masekondi 2.0. Izi zikusonyeza kuti woyeza anawerenga maulendo 19 m'malo mwa 20. Zimachitika munthu akanena kuti "wani" pa nthawi yomwe akudina sitopuwotchi, pomwe pendulamu sinamalize ulendo uliwonse. Kuwerenga kumayenera kuyambira pa "ziro".

Chifukwa chikadziwika, nambalayo imasiyidwa powerengera avereji, ndipo ngati nthawi ilipo, kuyezako kumabwerezedwa. Nambala yosemphanayo sifufutidwa m'tebulo. Imazunguliridwa kapena kudulidwa ndi mzere umodzi woti iwerengekebe, ndipo pambali pake pamalembedwa chifukwa chake.

Kusiyana kwa 39.7 ndi 40.1 kumaoneka kochepa, koma kumakula m'masamu otsatira. Pulakitiko imeneyi nthawi zambiri imagwiritsidwa ntchito popeza g, liwiro lomwe chinthu chogwa chimawonjezera pa sekondi iliyonse chifukwa cha mphamvu yokoka ya dziko:

g = 4π²L / T²

Apa L ndi kutalika kwa chingwe ndipo T ndi nthawi ya ulendo umodzi. Avereji ya 40.1 imapereka T = 2.005 s ndi g ya pafupifupi 9.8 m/s², yomwe ikugwirizana ndi yodziwika. Avereji ya 39.7 imapereka T = 1.985 s ndi g ya pafupifupi 10.0 m/s². Poti T imachulukitsidwa ndi iyo yomwe, cholakwika cha 1 peresenti pa nthawi chimasanduka cha 2 peresenti pa yankho.

Renji imathandizanso kunena m'mene yankho lingadaliridwire. Njira yomwe imaphunzitsidwa kawirikawiri ndi kutenga theka la renji. Theka la 0.4 ndi 0.2, choncho yankho limalembedwa kuti 40.1 ± 0.2 s.

## Madzi owira ku Zomba

Mabuku amanena kuti madzi amawira pa 100 °C, koma izi ndi zoona pa malo otsika ofanana ndi nyanja yamchere. Munthu akamakwera, mpweya umapanikiza mochepa, ndipo madzi amawira asanatenthe kufika pa 100 °C. Kutenthaku kumatsika ndi pafupifupi digiri imodzi pa mamita 300 aliwonse. Mzinda wa Zomba uli pa mamita 900 ndi kupitirirako pang'ono, choncho madzi amawira pa pafupifupi 97 °C. Pamwamba pa phiri la Zomba, pomwe nsonga yake imapitirira mamita 2,000, madzi amawira pakati pa 93 °C ndi 95 °C malinga ndi malo.

Tiyerekeze kuti ophunzira a m'tauniyo apeza 97.0, 96.5, 97.0, 97.5 ndi 97.0. Onse pamodzi ndi 485.0, avereji ndi 97.0 °C, ndipo renji ndi digiri imodzi. Palibe chotsatira chosemphana pamenepa, ngakhale palibe nambala yomwe yafika pa 100. Koma ngati kuyeza kwachisanu ndi chimodzi kutapereka 100.0, imeneyo ndiyo ikhala yokayikitsa, ngakhale ikufanana ndi ya m'buku. Mwina kumutu kwa themomita kunakhudza pansi pa bika, pomwe pamatentha kwambiri chifukwa cha moto. Wophunzira yemwe angasunge 100 n'kutaya zinzake zisanu adzakhala wataya zotsatira zabwino n'kusunga cholakwika.

Chimodzimodzi, manambala oyezedwa m'tauni sangaphatikizidwe mu avereji imodzi ndi oyezedwa pamwamba pa phiri. 95 °C ya kuphiri si yosemphana ndi 97 °C ya m'tauni, chifukwa malo asintha. Kubwereza kumatanthauza kuti zonse zikhale momwe zinalili: malo, zipangizo ndi njira.

## Zomwe avereji ndi renji sizingaonetse

Renji yaing'ono imasonyeza kuti manambala agwirizana, koma sitsimikiza kuti ndi oona. Themomita yomwe imawonjezera madigiri awiri nthawi zonse idzapereka manambala oyandikana bwino, onse olakwika mofanana. Kubwereza kambirimbiri sikuchotsa vuto lotere. Limadziwika poyesa chipangizocho pa chinthu chodziwika kale. Themomita imaviikidwa m'madzi osakaniza ndi ayisi wosungunuka, pomwe iyenera kuonetsa 0 °C, kaya ndi m'tauni kapena paphiri. Pa pendulamu, vuto lofanana nalo limabwera ngati chingwe chayezedwa kulekeza pamwamba pa kachitsulo m'malo mofika pakati pake.

Renji ilinso ndi kufooka kwake: imadalira manambala awiri okha, yaikulu ndi yaing'ono, kotero chotsatira chimodzi chosemphana chimaikulitsa kwambiri, monga 0.4 inasandukira 2.2 m'chitsanzo chija.

Kuchuluka kwa maulendo oyeza nakonso n'kofunika. Manambala awiri akasiyana, monga 40.2 ndi 38.1, palibe njira yodziwira wolakwika. Atatu ndiwo ochepetsetsa omwe angalozere wosemphana, ndipo asanu amaonetsa bwino pomwe ambiri aunjikana. Ngati manambala onse amwazikana, monga 38.1, 39.0, 40.2, 41.3 ndi 42.0, palibe imodzi yoti ichotsedwe. Pamenepo vuto lili pa njira yoyezera, ndipo iyenera kukonzedwa kuyeza kusanayambirenso.

Pomaliza, nambala ikakhala yosemphana koma chifukwa chake sichikupezeka, kuyezako kumabwerezedwa kangapo. Ikapanda kubweranso, imatengedwa ngati ngozi ya ulendo umodzi. Ikabweranso, ndiye kuti pali china chenicheni chomwe chikusintha, monga mphepo yolowera pawindo kapena chogwirizira chingwe chomwe chikugwedera, ndipo chimenecho chiyenera kulembedwa mu lipoti la pulakitiko pamodzi ndi manambala onse.