Ndalama za pa foni m'buku la okala

Mayi wina wa okala ku Ndirande amalandira malipiro pa Airtel Money ndi TNM Mpamba. Mwezi ukatha, buku lake limaonetsa ndalama zambiri kuposa zimene zili m'foni, ndipo iye amayamba kukayikira mtsikana amene amamuthandiza kugulitsa. Chonsecho palibe waba.

Vuto lili pa chindapusa. Tiyerekeze kuti wagulitsa shuga ndi mafuta ophikira a K20,000, wogula n'kumutumizira pa foni. Akapita kwa ejenti kukatapa, kampani imadula yake, tinene K700. Mayiyu akalemba K20,000 yokha, K700 ija imasowa osadziwika kumene yalowera, ndipo akatapa kakhumi yafika K7,000.

Koyenera ndi kulemba mizere iwiri: K20,000 kumbali ya zolowa, K700 kumbali ya zotuluka, pamodzi ndi tsiku komanso nambala ya uthenga wotsimikizira. Nambalayo ndi imene kampani imafunsa pakabuka mkangano.

Madzulo aliwonse ayerekeze bukulo ndi ndalama zotsala m'foni, chifukwa akathyali ena amatumiza uthenga wabodza wooneka ngati weniweni, koma ndalama osalowa.