Chifukwa chiyani matailosi a makona asanu sayalika pansi?

Mukalowa m'sitolo yogulitsa zipangizo zomangira nyumba, matailosi amene mungapeze ambiri ndi a makona anayi. Panja, m'mabwalo oimika magalimoto, nthawi zina mumaona njerwa zasimenti za makona 6. Koma tailosi ya makona asanu, ya mbali zonse zofanana, yoti muyale nayo chipinda chonse payokha, simudzaipeza. Sikuti opanga matailosi sanaiganizirepo. Tailosi yotere singayalike popanda kusiya mipata, ngakhale mutaitana mmisiri waluso bwanji.

Pano tikunena za matailosi amene mbali zake zonse n'zotalika mofanana, makona ake onse n'ngotseguka mofanana, ndipo tikuyala mtundu umodzi wokha, a msinkhu umodzi. Mwa matailosi otere, atatu okha ndiwo amadzaza pansi: a makona atatu, a makona anayi ndi a makona 6. Palibe wachinayi, ndipo sadzapezeka.

Chinsinsi chili pamalo pamene makona a matailosi amakumana. Yang'anani pansi m'chipinda cha matailosi wamba, pamphambano ya mizere. Pamenepo pakumana matailosi anayi, ndipo kona ya tailosi iliyonse ndi ya madigiri 90, yomwe ija mmisiri amayeza ndi sikweya pomanga khoma. Mukaphatikiza makona anayiwo mupeza madigiri 360, kutanthauza kuzungulira kamodzi kwathunthu. Lamulo lake ndi lomweli: makona onse okumana pamalo amodzi ayenera kukwana 360 ndendende. Akaperewera, patsala mpata. Akapitirira, tailosi ina ikwera pa inzake.

Ndiye tidziwa bwanji kukula kwa kona ya tailosi iliyonse? Tiyerekeze kuti tailosiyo ndi yaikulu, ndipo mukuyenda m'mphepete mwake. Pakona iliyonse mumakhota pang'ono, ndipo pofika pomwe munayambira mumakhala mutatembenuka kamodzi kwathunthu, madigiri 360. Ngati makona alipo asanu ofanana, pa iliyonse mwakhota 360 kugawa pasanu, amene ndi madigiri 72. Mukanapita molunjika osakhota, mzerewo ukanakhala wa madigiri 180. Choncho kona ya mkati mwa tailosi ndi 180 kuchotsa 72, kutsala 108.

Njira yomweyi imagwira pa ena onse. Pa tailosi ya makona atatu mumakhota madigiri 120, kona n'kukhala 60. Pa ya makona anayi mumakhota 90, kona n'kukhala 90. Pa ya makona 6 mumakhota 60, kona n'kukhala 120. Tsopano onani mmene manambalawa amalowera mu 360: makona 6 a madigiri 60 akwana, anayi a 90 akwana, atatu a 120 akwananso, popanda chotsala.

Nambala ya 108 ndiyo imakana. Dulani zidutswa za katoni za makona asanu, zofanana bwino, n'kuziyala patebulo makona ake atakumana pamodzi. Zitatu zikupatsani madigiri 324, ndipo pakhala kampata kosongoka ka madigiri 36. Kachinayi sikangalowemo, chifukwa kakufuna malo a madigiri 108. Mukakakakamiza, zonse zifika 432, kupitirira ndi 72. Muzitembenuze mmene mungafunire, kampatako kangosamukira mbali ina koma sikatha. Apa vuto si la kudula mokhota kapena pansi posasalaza, zimene mmisiri amatha kubisa ndi simenti ya m'mizere. Mpata wobwera chifukwa cha dzanja umasiyanasiyana, pena waukulu pena waung'ono. Uwu umatuluka wofanana pamphambano iliyonse.

Wina angafunse kuti, nanga a makona 7, 8, 12 kapena 100, mwawayesa onse? Sipafunika kuwayesa. Makona akamachuluka, iliyonse imatseguka kwambiri: ya tailosi ya makona 8 ndi madigiri 135, ya makona 10 ndi 144, ya makona 12 ndi 150. Zonsezi zaposa 120, choncho matailosi atatu sangakwane pamphambano imodzi. Komanso palibe kona imene imafika 180, choncho awiri okha sangatseke malowo. Pakati pa awiri ndi atatu palibe nambala ina yathunthu. Mfundo imeneyi ndiyo imandikometsera nkhaniyi, chifukwa ndi mizere iwiri yokha yathetsa mlandu wa matailosi osawerengeka.

Palinso kayalidwe kamene amisiri amakonda, kosemphanitsa mizere monga amachitira poyala njerwa pakhoma. Pamenepo makona amagunda pakati pa mbali ya tailosi ina, imene yatenga kale madigiri 180, ndipo otsalawo ayenera kudzaza 180 enawo. Makona awiri a 90 amatero, atatu a 60 amateronso. Koma 108 mu 180 salowa bwino, ndipo 120 nayenso salowa. N'chifukwa chake matailosi a makona anayi mutha kuwasuntha mzere ndi mzere, pamene a makona 6 amakolana njira imodzi yokha.

Zinthu zimasintha mukalola kusakaniza mitundu. Matailosi awiri a makona 8 amatenga madigiri 270, n'kusiya 90, malo okwana bwinobwino kasikweya kakang'ono. Ndiko kayalidwe kamene mumaona m'nyumba zina, matailosi aakulu oyera okhala ndi timabokosi takuda m'mphambano. Mayalidwe osakaniza otere, amene mphambano zake zonse zimafanana, alipo 8 okha, ndipo katswiri wa ku Germany, Johannes Kepler, anawafotokoza m'buku lake la mu 1619. Komabe samalani: kukwana 360 pamphambano imodzi sikutanthauza kuti chipinda chonse chiyalika. Matailosi awiri a makona asanu ndi imodzi ya makona 10 amakwana ndithu, 108 ndi 108 ndi 144. Koma mukayamba kuzunguliza tailosi ya makona asanu ndi anzake, amafunika kusinthana, wa 10, wa asanu, wa 10, wa asanu, ndipo poti mbali zake n'zisanu, pambali yomaliza kusinthanako kumasokonekera.

Nanga mpata wa madigiri 36 uja ulibe ntchito? Tengani katoni zitatu zija, mukoke mbali ziwiri za mpatawo mpaka zigundane. Katoniyo idzuka patebulo n'kupindika. Zimene zaperewera pansi pafulati ndizo zimapanga chinthu chobulungira. Mpira wamiyendo wakale uja wa zigamba zakuda ndi zoyera umasonyeza zimenezi: uli ndi zigamba 12 za makona asanu ndi 20 za makona 6. Pamphambano iliyonse pamakumana chimodzi cha 108 ndi ziwiri za 120, zonse pamodzi 348, kuperewera ndi madigiri 12. Mphambano zotere zilipo 60, ndipo kuperewera pang'onopang'ono kumeneko ndiko kumaupinda mpirawo mpaka kutsekeka. Zigamba za makona 6 zokhazokha zikanangokhala chinsalu chafulati.

Tisamalize ngati kuti chilichonse cha makona asanu n'choletsedwa. Mukalola kuti mbali kapena makona zisiyane kukula, alipo matailosi a makona asanu amene amayalika bwino, ndipo akatswiri a masamu apeza magulu 15 a matailosi otere opanda kona yolowa mkati. Gulu lomaliza linapezeka mu 2015. Onsewo amamvera lamulo lomwe lija la 360. Ngati mukufuna kupanga chikombole cha njerwa zapabwalo zooneka mwachilendo, yambani mwawerengera makona papepala ndi kuyesa pa katoni musanagule thumba la simenti.